Malikisi owonjezera: 6 wa pa pepala si 6 wa pa zotsatira

Mayeso akayandikira ku koleji, pamamveka mawu akuti, "Musadandaule, a lekichala adzawonjezera malikisi." Nthawi zina amawonjezeradi, makamaka pepala likavuta kalasi yonse. Koma kuwonjezerako kuli mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse umasintha mosiyana malikisi amene wophunzira akufunika kupeza.

Tiyerekeze kuti pa kosi ina, ntchito za m'kati mwa semesita zimatenga magawo 40 pa 100, mayeso omaliza 60, ndipo kukhoza kumayambira pa 50. Mtsikana wina wapeza 45 peresenti pa ntchito za m'katizo. Tikachulukitsa 45 ndi 0.4, ndiye kuti ali kale ndi 18 m'thumba. Akuperewera 32, ndipo ayenera kuwapeza pa magawo 60 otsalawo. Tikagawa 32 ndi 0.6 tipeza 53.3, choncho pa pepala lomaliza akufunika 54 peresenti. Akapeza 53, zonse pamodzi zithera pa 49.8, ndipo si paliponse pamene amakweza nambala yotere kuti ikhale 50.

Ndiye a lekichala anene kuti awonjezera malikisi 6 kwa aliyense. Funso loyamba n'lakuti, awonjezera pati? Ngati ndi pa pepala la mayeso omaliza, mtsikanayu akufunika 48, chifukwa 48 ndi 6 apanga 54 uja. Koma 6 ameneyu sakafika yense ku zotsatira, poti naye achulukitsidwa ndi 0.6 n'kutsala 3.6 basi. Ngati awonjezera pa zotsatira za kosi yonse, 18 uja asanduka 24, operewera atsala 26, ndipo 44 peresenti pa pepala ingomukwanira. Mawu ndi amodzimodzi, "tiwonjezera 6", koma wina amene wapeza 45 akhoza kwina, kwina alephera. Ambiri amasokonezekera pamenepa, n'kumaganiza kuti awabera.

Aphunzitsi ena sawonjezera koma amachulukitsa. Amatenga malikisi a amene waposa onse n'kuwayesa 100, ena onse n'kukwera molingana. Ngati katswiri wa m'kalasi wapeza 80, malikisi a aliyense achulukitsidwa ndi 1.25, ndipo mtsikana wathu akufunika 43 yokha. Koma katswiriyo akadzuka bwino tsiku limenelo n'kupeza 95, kukwerako kuchepa kwambiri moti afunika 51. Kusiyana kwa malikisi 8 kwachokera kwa munthu mmodzi. Njira imeneyi imapatsanso zambiri amene ali nazo kale: wa 72 akwera ndi 18, pomwe wa 32 akwera ndi 8. Kwa ine, imeneyi si njira yoti munthu amene ali m'malire aidalire.

Palinso njira yondandalika ophunzira, imene imapezeka kwambiri m'sukulu zambiri za zamalamulo ku Amereka. Kumeneko amakhala atagamuliratu kuti magiredi apamwamba apita kwa ochepa chabe, kapena kuti avereji ya kalasi ikhale pakutipakuti. Apa palibe nambala yoti munthu awerengeretu, chifukwa 70 akhoza kukhala wapamwamba chaka chino, chaka chamawa n'kukhala wapakatikati. Ndiye kuti kusintha malikisi kumathanso kutsitsa munthu. Ngakhale pa mayeso a Cambridge IGCSE, malire a giredi iliyonse amalengezedwa mapepala atachongedwa kale, ndipo pepala likaphweka malirewo amakwera.

Nanga zonsezi zisanadziwike, munthu aziwerengera ziti? Awerengere ngati sipadzakhala kuwonjezera kulikonse. Kwa mtsikana uja, nambala yokonzekera ndi 54, osati 48 kapena 43. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Akatero aone pepala la ndondomeko ya kosi limene amapatsidwa semesita ikamayamba. Ngati kusintha malikisi sikunalembedwemo, ndiye kuti ndi chifundo chabe cha mphunzitsi, ndipo akuluakulu a dipatimenti atha kuchikana. Ngati kunalembedwa, afunse mwaulemu kuti ndi njira iti ndipo ikhudza pepala lokha kapena zotsatira zonse.

Kumene magiredi amatsata mndandanda kapena malire osinthasintha, kuwerengera kuti palibe chosintha sikukwanira, poti malire atha kukwera. Kumeneko ndi bwino kuona malire a zaka zingapo zapitazo n'kutenga okwera kwambiri. Pa mayeso a pakati pa semesita, aonenso avereji ya kalasi, osati malikisi ake okha. Amene wapeza 48 pomwe avereji ndi 41 ali pabwino kuposa wa 60 m'kalasi ya avereji 72. Ndipo ngati pepala lavuta iye yekha, anzake akutuluka m'chipinda akumwetulira, asayembekezere kuti padzawonjezedwa kanthu.