Imelo imene imabwera mayeso asanayambe

Kukatsala milungu iwiri kapena itatu kuti semesita ithe, foni za ophunzira a kukoleji zimalandira imelo yochokera kwa mphunzitsi yonena za mayeso omaliza. Ambiri amangoyang'ana tsiku, ola ndi chipinda, n'kuitseka. Ena saitsegula n'komwe, amadikira mnzawo aijambule aponye pagulu la WhatsApp, ndipo chithunzicho nthawi zambiri chimakhala choduka kumunsi. Ndayang'anirapo mayeso kwa zaka zingapo, ndipo misozi yambiri imene ndaiona pakhomo la holo inachokera ku mizere yakumunsi imeneyo.

Titenge imelo imene ikunena kuti pepala ndi la maola atatu, malikisi onse ndi 100, gawo loyamba ndi lokakamiza ndipo lili ndi malikisi 40, pomwe m'gawo lachiwiri muli mafunso asanu a malikisi 20 lililonse, munthu asankhepo atatu. Apa mphunzitsi wakupatsani kale ndondomeko ya nthawi yanu. Maola atatu ndi mphindi 180, choncho gawo loyamba liyenera kudya mphindi 72, ndipo funso lililonse la gawo lachiwiri mphindi 36. Mukafuna kusiya mphindi khumi zowerenganso zimene mwalemba, muzichotse pamenepa muli kunyumba. Wophunzira amene sanawerengere amakhalitsa pafunso limene akulidziwa bwino, kulemba masamba anayi, kenaka n'kumva woyang'anira akulengeza kuti kwatsala mphindi 15 funso lathunthu asanaligwire. Malikisi 20 apita, pomwe masamba owonjezera aja mwina angomupatsa awiri kapena atatu.

Mawu akuti "atatu" nawonso ndi lamulo. Wina amayankha anayi poganiza kuti mphunzitsi asankha abwino. Ochonga ambiri amangotenga atatu oyambirira, lachinayi osaliwerenga, ngakhale litakhala ndilo munalilemba bwino koposa. Mukasintha maganizo, dulani mzere pa yankho limene simukulifuna.

Pa zololedwa kulowa nazo, chimene chimavuta kwambiri ndi kakyuleta. Imelo ikati yololedwa ndi yosatha kusunga zolemba kapena mapulogalamu, ikunena za mtundu ngati Casio fx-82MS. Ilipo ina yonga fx-991ES imene simasunga zolemba koma imatha kumasula yokha ma ikwezhoni, ndiye aphunzitsi ena amailola, ena ayi. Ngati imelo sinatchule mtundu, funsani sabata isanathe, ndipo yankho likhale lolembedwa. Muyang'anenso mkati mwa chivundikiro. Mtsikana wina anabwereka kakyuleta kwa mchimwene wake, osadziwa kuti mkati mwa chivundikiro munali mafomula olembedwa ndi pensulo, ofufutika pang'ono. Ndinawaona nditaima pambali pa desiki lake. Ndinakhulupirira kuti sanadziwe, pakuti anali a phunziro lina, koma lamulo linandikakamiza kulemba lipoti. Anamaliza pepala manja akunjenjemera, ndipo anadikira milungu yambiri kuti komiti imve nkhani yake. Mpaka lero zimandipweteka.

Apa m'pamene pagona chinthu chimene ophunzira ambiri sachimvetsa. M'malamulo a masukulu ambiri, mlandu ndi kupezeka ndi chinthu choletsedwa, kaya mwachigwiritsa ntchito kaya ayi. Foni yozimitsa imene ili m'thumba la buluku imawerengedwa ngati likasa. Chimodzimodzi wotchi yolumikizana ndi foni, kapepala koiwalika m'jekete, ngakhale nambala yolembedwa pachikhatho. Woyang'anira sangaone mumtima mwa munthu, amalemba zimene wapeza. N'chifukwa chake imelo imanena kumene zikwama zikasiyidwe, ndipo ndi bwino kupisa m'matumba onse musanalowe.

Za nthawi n'zachidule. Kawirikawiri wochedwa kupitirira mphindi 30 saloledwa kulowa, ndipo palibe wotuluka mphindi 30 zoyambirira zisanathe. Malamulo awiriwa amagwirizana: cholinga n'chakuti amene waona mafunso asakumane panja ndi amene sanalowe. Chiphaso cha sukulu chikhale pa desiki.

Aphunzitsi nafenso tili ndi mbali yathu. Imelo yongoti "bwerani ndi zofunika zokha" sithandiza aliyense. Tizitchula mtundu wa kakyuleta, tizinena ngati pepala la mafomula liperekedwa m'holo momwemo, ndipo ngati mabuku akuloledwa, tizifotokoza ngati buku lolembedwalembedwa m'mbali likuloledwanso. Tizikumbukiranso kuti si wophunzira aliyense amakhala ndi bandulo tsiku lililonse. Ine imelo yotere ndimaisindikiza n'kuimata pakhomo la ofesi, ndipo tsiku lomaliza la phunziro ndimaiwerenga mokweza m'kalasi, mzere ndi mzere, nditanyamula m'manja kakyuleta yololedwayo kuti aliyense aione.