Kamera m'tchalitchi: chilolezo choyamba, kujambula pambuyo

Chiyambireni mliri wa Covid-19 mu 2020, mipingo yambiri m'mizinda imaulutsa mapemphero pa Facebook ndi YouTube. Koma zomwe zaulutsidwa pompopompo sizibwezeka. Ngakhale mpingo utafufuta kanemayo, ena amakhala atamusunga kale ndi kumufalitsa pa WhatsApp. N'chifukwa chake nkhani ya yemwe aonekere iyenera kumangidwa kamera isanayatsidwe.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo kuyambira mu 2017 malamulowa amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kulowa m'tchalitchi pakokha si kuvomera kuti nkhope yake ionetsedwe kudziko lonse. Kwa mwana, chilolezo chiyenera kuchokera kwa kholo kapena womulera, osati kwa mphunzitsi wa Sande sukulu, ndipo mwanayo akakana, naye amveredwe.

Tiyerekeze kuti kwaya ya ana 20 ikukonzekera kuyimba. Kutatsala masabata awiri, mpingo utumize kalata kwa makolo yofotokoza komwe kanemayo adzaonetsedwe, nthawi yomwe adzakhale pa intaneti, komanso kuti mwana sadzachotsedwa m'kwaya kholo likakana. Ngati makolo 17 asayina ndipo atatu sanayankhe, kukhala chete kwawo kutengedwe ngati kukana. Asafunsidwenso chifukwa. Mwina mayi wina anathawa nkhanza m'banja, ndipo kanemayo angaulule komwe iye ndi mwana wake amapezeka Lamulungu lililonse.

Ena amaimika ana atatuwo kumapeto kwa mzere kuti kamera isawapeze, koma ana povina amasuntha. Njira yodalirika ndi kuloza kamera kuguwa, anthu n'kumamva nyimbo yokha. Ngakhale kwa ana omwe makolo awo avomera, maina asalembedwe pa kanema ndipo yunifolomu ya sukulu isaonekere, poti zimenezi zimalondolera munthu wachiwembu komwe mwana amaphunzira.

Kwa akuluakulu, kamera iyikidwe kumbuyo moyang'ana kuguwa kuti ijambule misana osati nkhope. Mabenchi ena apatulidwe kuti akhale kunja kwa chithunzi, ndipo izi zilengezedwe mwambo usanayambe. Wojambula ayambe wayesa pa foni kuti atsimikize kuti mabenchiwo sakuonekadi.

Nthawi zina kamera iyenera kutembenuzidwa: popempherera odwala, munthu akamalira kapena kugwa, mayi akamayamwitsa, komanso popereka chopereka. Mawu nawonso amaulula munthu. Wina akamatchula matenda kapena mavuto a m'banja pa maikolofoni, mawu opita pa intaneti azimitsidwe.

Mpingo usankhenso munthu mmodzi wodziwika yemwe angalandire madandaulo ndi kuchotsa kanema tsiku lomwelo. Kholo lomwe lavomera lero likhoza kusintha maganizo mawa, ndipo lisasowe kokanena.