Mfundo Ikalandidwa pa Msonkhano wa Kuntchito

Munthu amatha kukhala pa msonkhano koma n'kumaoneka ngati palibe. Nthawi zina amadulidwa mawu asanamalize. Chopweteka kwambiri ndi pamene apereka mfundo anthu n'kungoti zii, kenaka mnzake n'kunena zomwezo, onse n'kuvomereza.

Mu 1975, Don Zimmerman ndi Candace West a ku America anasindikiza kafukufuku wa macheza a anthu awiriawiri amene anawajambula. Pamene ocheza anali mwamuna ndi mkazi, kudulana mawu kunachitika ka 48, ndipo ka 46 wodula anali mwamuna. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, komanso nkhaniyi si ya amuna ndi akazi yokha. Udindo ndi msinkhu zimalowapo kwambiri, makamaka kumene mwana amakula akuuzidwa kuti wamkulu sayankhidwa.

Chitsanzo ndi msonkhano wa aphunzitsi pa sukulu ya pulayimale. Mphunzitsi amene wangoyamba kumene ntchito akufuna kunena kuti ana a Sitandade 8 azibwera Loweruka m'mawa kudzabwereza masamu. Akuyamba ndi mawu akuti, "Pepani, mwina ndikulakwitsa," ndipo asanafike pa mfundo yeniyeni, achiwiri kwa ahedi amudula. Msonkhano uli pafupi kutha, mphunzitsi wina wamkulu akutchula za Loweruka zomwezo. Mlembi akulemba dzina la wamkuluyo m'maminitsi. Vuto lalikulu lagona pamenepa, chifukwa zokambirana zimaiwalika koma maminitsi amasungidwa, ndipo amene dzina lake silionekamo amayesedwa wopanda maganizo. Zikachitika kangapo, munthu uja amangosiya kulankhula.

Kuika mfundo patsogolo, kupepesa kusanabwere, kumathandiza ndithu. Koma si chilungamo kusenzetsa wodulidwayo mtolo wonse. Mu 2016 nyuzipepala ya Washington Post inafotokoza zimene amayi ogwira ntchito ku White House ankachita m'nthawi ya Barack Obama: mmodzi akapereka mfundo, anzake ankaibwereza n'kutchula dzina la mwini wake. Pa sukulu ija, pakanafunika mnzake mmodzi yekha wonena kuti, "Mfundo imeneyi anaiyamba ndi amadamu apa, bwanji aimalize?" Mawu oterewa salozera munthu chala, ndipo mlembi amawamva.

Njirayi imafooka ngati wodula mawu ndi wapampando mwini. Pamenepo chothandiza ndi kulemba mfundoyo n'kuipereka kwa mlembi msonkhano usanachitike, kuti iikidwe pa ndondomeko ya zokambirana pamodzi ndi dzina la woibweretsa. Mpata wina umapezeka pa msonkhano wotsatira: powerenga maminitsi kuti avomerezedwe, aliyense amene analipo ali ndi ufulu wopempha kuti dzina lolakwika likonzedwe wapampando asanasaine.