Batire limodzi, marezisita awiri: pamene ophunzira fizikisi amaterereka

Pafupifupi pepala lililonse la mafunso a zamagetsi ku sekondale limakhala ndi chithunzi chomwechi. Kumanzere kuli batire, timizere tiwiri, kamodzi kakatali kena kakafupi. Kenako pali timabokosi tiwiri kapena titatu toimira marezisita, tolumikizidwa ndi mizere yoongoka, ndipo m'munsi mwake muli lamulo lakuti: pezani karenti, pezani voteji, pezani rezisitansi. Wophunzira wokonzekera mayeso a MANEB akaona zimenezi nthawi zambiri mtima umakhala m'malo, chifukwa fomula analoweza kalekale: V = I × R. Komatu ambiri olephera funsoli fomulayo amaidziwa bwinobwino. Chimene chimawagwetsa ndi manambala amene amawalowetsa m'fomulamo.

Fomulayi inachokera kwa Georg Simon Ohm, mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi mumzinda wa Cologne ku Germany, yemwe anaifalitsa m'buku lake mu 1827. Zilembo zake n'zitatu. V ndi voteji, mphamvu imene ikukankha magetsi pakati pa malo awiri, ndipo imayezedwa m'mavoti. I ndi karenti, kuchuluka kwa magetsi odutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse, ndipo amayezedwa m'maampu. R ndi rezisitansi, kutanthauza mmene chinthu chikuumirira kuti magetsi asadutse mosavuta, ndipo muyezo wake ndi maomu, chizindikiro chake Ω. Munthu akadziwa ziwiri, chachitatu amachipeza: I = V ÷ R, kapena R = V ÷ I.

Pali lamulo lina limene silioneka m'fomulamo koma ndilo mwini nkhani. Manambala atatuwo ayenera kukhala a chinthu chimodzi. Ngati R ndi wa rezisita imodzi, V akhale voteji ya pa rezisita yomweyo, ndipo I adzakhala karenti wodutsa mwa iyoyo. Ngati V ndi wa batire lonse, R akhale wa seketi yonse. Kutenga voteji ya batire n'kuigawa ndi rezisitansi ya kabokosi kamodzi, popanda kufunsa ngati kabokosiko kakulandiradi voteji yonseyo, ndiko kulakwitsa kumene kumadya malikisi ambiri.

Zimenezi zimaoneka bwino potenga zipangizo zomwezo n'kuzilumikiza mosiyanasiyana. Pakhale batire la mavoti 12, monga la galimoto, ndi marezisita awiri, ina ya maomu 4, ina ya maomu 12.

Kulumikiza koyamba ndi kwa sirizi. Marezisita amatsogozana pa waya mmodzi, moti magetsi otuluka m'batire alibe njira ina koma kudutsa mu yoyamba, kenako mu yachiwiri, n'kubwerera. Popeza njira ndi imodzi, karenti ndi wofanana paliponse. Ophunzira ena amaganiza kuti rezisita yoyamba imadyako karenti n'kusiyira inzake wotsala, koma amita itaikidwa kutsogolo, pakati kapena kumbuyo imaonetsa nambala yomweyo. Chimene chimagawidwa ndi voteji. Rezisitansi ya seketi yonse imapezeka pongophatikiza: 4 + 12 = 16 Ω. Karenti ndiye 12 ÷ 16 = 0.75 A. Tsopano fomula ibwerere pa rezisita iliyonse payokha. Pa ya maomu 4, voteji ndi 0.75 × 4 = 3 V. Pa ya maomu 12, ndi 0.75 × 12 = 9 V. Kuphatikiza 3 ndi 9 kukupereka 12, voteji ya batire ija, ndipo uwu ndi umboni wakuti samuyo yayenda bwino. Rezisita yaikulu yatenga gawo lalikulu, kuwirikiza katatu la inzake, chifukwa nayonso ikuposa inzakeyo katatu.

Kulumikiza kwachiwiri ndi kwa palalelo. Apa waya amagawika n'kukhala nthambi ziwiri, rezisita iliyonse panthambi yake, kenako nthambizo zimakumananso. Mbali zonse ziwiri za rezisita iliyonse zafika ku batire mwachindunji, choncho iliyonse ikulandira mavoti 12 athunthu. Zinthu zatembenuka: voteji ndiyo yofanana, karenti ndiye akugawika. Mu ya maomu 4 mukudutsa 12 ÷ 4 = 3 A, mu ya maomu 12 mukudutsa 12 ÷ 12 = 1 A, ndipo batire likutulutsa maampu 4 onse pamodzi. Rezisitansi ya seketi yonse ndiye 12 ÷ 4 = 3 Ω.

Nambala imeneyi imadabwitsa anthu. Marezisita awiri, 4 ndi 12, akhala pamodzi n'kupereka 3, wochepera ngakhale wamng'ono uja. Koma tangoganizani za tchalitchi chodzaza pamene mapemphero atha. Khomo lalikulu lokha likatsegulidwa anthu amatuluka pang'onopang'ono. Wina akatsegulanso kakhomo ka m'mbali, ngakhale kakhale kopanikiza chotani, chiwerengero cha otuluka pa mphindi chimakwera, chifukwa khomo lalikulu lija silinachepe, kwangowonjezereka njira ina. Nthambi iliyonse yatsopano m'palalelo imachita chimodzimodzi, n'chifukwa chake yankho la palalelo nthawi zonse limakhala locheperapo kuposa rezisita yochepetsetsa m'gululo. Wophunzira amene wapeza 8 kapena 16 pa funsoli asavutike n'kuwerenganso zonse, yankholo ladziulula lokha kuti n'lolakwika.

Mabuku amapereka njira ina yopezera 3 yemweyo: 1/R = 1/R₁ + 1/R₂. Pano ndi 1/4 + 1/12, kutanthauza 3/12 + 1/12, zomwe ndi 4/12. Ndiye pomwe ambiri amaimira, n'kulemba kuti rezisitansi ndi 0.33 Ω, kuiwala kuti chimene apeza ndi 1/R, osati R. Pamafunika kutembenuza, 12/4, kuti 3 atuluke. Marezisita akakhala awiri okha pali chidule: kuchulukitsa awiriwo n'kugawa ndi kuphatikiza kwawo, (4 × 12) ÷ (4 + 12) = 48 ÷ 16 = 3. Chidulechi chimagwira pa awiri basi. Ochigwiritsa ntchito pa marezisita atatu nthawi imodzi amatuluka ndi yankho lopanda mutu.

Funso lenileni lovuta limabwera chakumapeto kwa pepala, pamene njira ziwirizi zasakanizidwa. Marezisita aja akhalebe m'palalelo, koma pakati pa batire ndi pogawikira nthambi paikidwe rezisita yachitatu ya omu 1. Funso likuti: pezani karenti wodutsa mu rezisita ya maomu 4.

Dzanja limathamangira kulemba 12 ÷ 4 = 3 A, monga zinalili poyamba paja. Koma rezisita imeneyi sikulandiranso mavoti 12, pakuti ya omu 1 ija yaima panjira ndipo ikutengako gawo lake. Njira yoyenera ndi kupinda seketi kaye, kenako n'kuitambasula. Nthambi ziwiri zija zimaonedwa ngati rezisita imodzi ya maomu 3. Imeneyi ili m'sirizi ndi ya omu 1, choncho seketi yonse ndi maomu 4, ndipo batire likutulutsa 12 ÷ 4 = 3 A. Maampu atatu onsewo akudutsa mu ya omu 1, yomwe ikutenga 3 × 1 = 3 V. Nthambi zatsala ndi 12 − 3 = 9 V. Apa m'pamene funso lija likuyankhika: 9 ÷ 4 = 2.25 A mu ya maomu 4, ndi 9 ÷ 12 = 0.75 A mu ya maomu 12. Kuphatikiza ziwirizi kukubweza maampu 3 amene analowa.

Wothamanga uja akanaphatikiza mayankho ake akanadzigwira yekha. Maampu 3 ndi ampu 1 m'nthambi ndi maampu 4, pamene batire likutulutsa 3 okha, ndipo nthambi sizingatulutse zoposa zimene zalowa. Macheke awiriwa, lakuti karenti wolowa pamphambano afanane ndi wotuluka, ndi lakuti mavoteji a panjira yozungulira akwane voteji ya batire, ndi malamulo amene Gustav Kirchhoff anawafotokoza mu 1845. Satenga ngakhale mphindi imodzi, koma ophunzira ambiri amawaona ngati mutu wina woloweza m'malo mowagwiritsa ntchito poyesa yankho lawo.

Vuto lina lili m'chithunzi chenichenicho. Olemba mafunso amadziwa kuti ophunzira amazindikira palalelo poona timabokosi togona kena pamwamba pa kanzake, ndiye amajambula kena choimirira, kena chopingasa. Maonekedwe alibe ntchito. Chofunika ndi kutsata waya ndi chala kuchokera ku batire: ngati munthu angadutse mu rezisita imodzi n'kubwerera ku batire osakhudza inzake, ziwirizo sizili m'sirizi, ndipo ngati mbali zawo zonse ziwiri zakumana pamphambano zomwezo, ndiye palalelo. Nayonso miyezo imatchera msampha. Funso likapereka 250 mA, nambala yolowa m'fomula ndi 0.25 A, ndipo 2 kΩ ndi 2000 Ω.

Pepala limayerekeza kuti mawaya ndi batire zilibe rezisitansi, zomwe m'labu sizichitika. Batire lililonse lili ndi rezisitansi yakeyake m'kati, ndipo imachita ndendende zimene rezisita ya omu 1 ija inachita: karenti akachuluka, voteji yofika ku zipangizo imatsika. N'chifukwa chake nyali za galimoto zimazilala pamene woyendetsa akuliza injini, popeza sitata imakoka karenti wochuluka kwambiri. Nalonso babu lakale la kawaya ka m'kati silisunga rezisitansi imodzi. Kawayako kakatentha rezisitansi imakwera kuwirikiza kakhumi kapena kuposerapo, moti woyeza babu lozizira n'kuwerengera karenti ndi fomula amapeza nambala yosiyana kutalitali ndi ya pa amita. Mafunso akanena kuti mababu ndi ofanana kapena kuti kutentha sikukusintha, amakhala akutseka khomo limeneli.

M'nyumba zolandira magetsi a ESCOM, omwe ndi a mavoti 230, mababu ndi masoketi zimalumikizidwa m'palalelo, kuti chipangizo chilichonse chilandire voteji yonse ndiponso kuti babu limodzi likapsa ena asazime. Koma samu ija ya maomu 3 imatsatira mpaka kukhitchini. Ketulo ya mawati 2000 ili ndi rezisitansi ya maomu pafupifupi 26 ndipo imakoka maampu pafupifupi 8.7. Wina akalumikiza pa ekisitenshoni yomweyo mbaula yamagetsi ya mphamvu yofanana, rezisitansi ya ziwirizo imatsika kufika pa maomu 13, ndipo chingwe chimodzi cha ekisitenshoniyo chimasenza maampu oposa 17. Fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu imalembedwa 13 A pa zipangizo zoterezi. Ikakhalapo, imatentha n'kuduka karenti akachuluka mopitirira kwambiri. Pamene inachotsedwa n'kulowetsamo kawaya wamba, kapena pamene mawaya angosomekedwa m'soketi popanda pulagi, chimene chimatentha ndi chingwe chenichenicho, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala fungo la pulasitiki wosungunuka.