Kuthira umuna m'chiberekero: njira ya IUI imathandiza yani, ndipo imaphula kanthu kangati?

Banja likatha chaka chathunthu likugona pamodzi popanda kulera koma mkazi osaima, achipatala amati nthawi yopimitsa yakwana. Ngati mkazi wapitirira zaka 35, miyezi 6 ndi yokwanira. Mwa njira zimene dokotala angatchule pambuyo popima, ilipo ina imene pa mapepala a chipatala amailemba kuti IUI. Ambiri akaimva amaganiza kuti ndi ija yopangira mwana m'labotale, koma si iyo. Apa dzira silitulutsidwa m'thupi. Amangotenga umuna wa bambo, n'kuutsuka, n'kuulowetsa m'chiberekero ndi kapaipi kowonda, pa tsiku limene dzira likutuluka. Zotsalazo thupi limachita lokha.

Mbewu ya bambo imayenda mtunda wautali isanakumane ndi dzira. Imayambira kunjira ya abambo, n'kudutsa pakhomo la chiberekero pamene pamakhala chikazi choti isambiremo, n'kuwoloka chiberekero, n'kukalowa m'chubu chopyapyala chopita ku thumba la mazira. M'chubumo ndi mmene mbewu ndi dzira zimakumanira. Mwa mamiliyoni amene amayamba ulendo, zofika kumeneko ndi zowerengeka. IUI imachita zinthu ziwiri zokha: imadula theka loyamba la ulendowo, ndipo imaonetsetsa kuti mbewu zafika pa nthawi yake. Siitsegula chubu chotsekeka, siisandutsa dzira la mayi wamkulu kukhala la mtsikana, ndiponso siilenga mbewu kumene kulibe.

N'chifukwa chake funso loyamba ndi la machubu. Kuno kwathu, ngati m'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara, chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene amayi amalepherera kuima ndi kutsekeka kwa machubu. Amatsekeka ndi zipsera za matenda opatsirana pogonana monga chinzonono, zimene mwina mayi anadwala osadziwa, kapena za matenda olowa pambuyo pobereka kapena padera. Likodzo nalo, limene ambiri a kunyanja ndi m'madambo amalidziwa, limatha kuwononga ziwalo zoberekera. Ngati machubu onse awiri ndi otseka, kuthira umuna m'chiberekero kuli ngati kutsira madzi mumpaipi wotseka kumapeto. Kuti adziwe, amajambula ndi ekisire atalowetsa mankhwala amadzi m'chiberekero, n'kuona ngati akutulukira mbali zonse. Kupima kumeneku amakutcha HSG, ndipo kumachitika msambo utangotha. Chubu chimodzi chotseguka bwino chikhoza kukwanira. Ndinene mosabisa: amene akufuna kukulipiritsani IUI asanapime machubu, mufunseni chifukwa chake musanatulutse ndalama.

Funso lachiwiri ndi la bambo, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amachedwera. Mayi amazungulira zipatala ndi asing'anga zaka zingapo, apongozi akumuloza chala, pamene mwamuna sanapimitsepo ngakhale kamodzi. Chonsecho kupima umuna n'kosavuta ndiponso n'kotchipa kuposa zambiri zimene mayi amapimidwa. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni wakuti mbewu zilipo zokwanira. Malinga ndi muyezo wa bungwe la WHO wa 2021, umuna wabwinobwino umakhala ndi mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi. Koma pa IUI chimene dokotala amayang'ana kwambiri ndi chiwerengero cha mbewu zoyenda zimene zatsala akatsuka. Zikapitirira 5 miliyoni, mwayi ulipo ndithu. Zikachepera pa 1 miliyoni, mwayi umakhala wochepa kwambiri, ndipo njira yoyenera imakhala ya m'labotale ija, ya IVF.

Ndiye oyenera ndi ati? Ndi banja limene lapimidwa zonse osapezeka ndi vuto. Ndi bambo amene mbewu zake zachepa pang'ono chabe kapena n'zaulesi pang'ono. Ndi mayi amene mazira ake satuluka mwezi ndi mwezi, ngati mankhwala okhwimitsa mazira paokha sanathandize. Ndi banja limene kugonana kumavuta chifukwa cha ululu, kulumala, kapena vuto lotulutsa umuna. Ndi iwonso amene akugwiritsa ntchito umuna wa munthu wina wopimidwa matenda, pamene mwamuna alibiretu mbewu. Kale njirayi inkathandizanso kwambiri pamene bambo ali ndi HIV koma mayi alibe. Masiku ano, bambo akamamwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo osaonekanso m'magazi, sapatsira mkazi wake, moti chifukwa chimenecho chachepa mphamvu.

Luso lonse la IUI lili pa nthawi. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 basi. Tiyerekeze mayi wa zaka 31, machubu ake ndi otseguka, mwamuna wake mbewu zachepa pang'ono. Wayamba kusamba Lolemba, ndipo limenelo ndilo tsiku loyamba. Kuyambira Lachitatu mpaka Lamulungu, tsiku lachitatu mpaka lachisanu ndi chiwiri, akumwa mapiritsi okhwimitsa mazira, letirozolo kapena kolomifeni. Lachinayi la sabata yotsatira, tsiku la 11, akupita kukaunikidwa pa sikani. Dzira lenilenilo silioneka, n'laling'ono kwambiri. Chimene dokotala amayeza ndi kathuza kamadzi kamene dzira limakuliramo. Lero kali mamilimita 15. Popeza kamakula pafupifupi mamilimita awiri pa tsiku, akumuuza kuti abwerenso Loweruka. Loweruka kafika 19, ndipo khoma la m'kati mwa chiberekero lakhuthala kupitirira mamilimita 7, kusonyeza kuti malo akonzeka.

Apa akumupatsa jakisoni wa homoni ya hCG, imene imauza thupi kuti limasule dzira. Dzira limatuluka patatha maola pafupifupi 36 mpaka 40. Ndiye akabayidwa Loweruka 9 koloko usiku, amamuitana Lolemba 9 koloko m'mawa. Ola la jakisoni limeneli si loti n'kulisuntha chifukwa kunali maliro kapena minibasi inachedwa. Zikachitika kuti mwabayitsa mochedwa, nenani, kuti nayo nthawi ya Lolemba isinthe. Zipatala zina sizibaya jakisoni, koma mayi amapima mkodzo tsiku ndi tsiku ndi timitengo toonetsa kukwera kwa homoni yotulutsa dzira, ndipo ikakwera amabwera mawa lake. Njira imeneyi n'njotsika mtengo, koma kwa mayi amene msambo wake ndi wosokonekera timitengoto timatha kunamiza.

Sikani ili ndi ntchito inanso imene anthu saikonda. Ngati mankhwala agwira mopitirira, timathuza tokhwima n'kukhala toposa titatu, dokotala wabwino amaimitsa zonse mwezi umenewo, n'kuuza banjalo kuti lidzisunge kapena ligwiritse ntchito kondomu. Zimapweteka mtima, ndalama zitapita kale. Ena amati mapasa ndi mwayi, tadikira kale zaka zambiri. Koma mimba ya ana atatu kapena anayi nthawi zambiri imathera pa ana obadwa masiku asanakwane, ndipo mayi amakhala pa chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi ndi kutaya magazi pobereka. Ndi mapiritsi, mapasa amabwera pa mimba imodzi mwa khumi kapena kucheperapo. Ndi majakisoni okhwimitsa mazira chiopsezo chimakwera kwambiri.

Lolemba lija, bambo amafika maola awiri mayi asanalowe. Amakhala atadzisunga masiku awiri kapena atatu. Kudzisunga sabata zingapo poganiza kuti umuna ukhala wamphamvu n'kulakwitsa, chifukwa mbewu zokhalitsa zimafooka. Amapereka umuna m'kabotolo koyera, a labotale n'kuuzungulitsa pa makina kuti alekanitse mbewu zoyenda bwino ndi madzi ake, mbewu zakufa ndi zinyalala zina. Kutsukaku si mwambo chabe. Madzi a umuna ali ndi zinthu zimene zikalowa m'chiberekero mwachindunji zimachifinya mopweteka kwambiri, ndipo amatha kulowetsa matenda. Chotsala ndi kadontho kosapitirira theka la mililita. Mwa bambo wathu uja mwatsala mbewu zoyenda 8 miliyoni, zokwanira.

Kulowetsako kumatenga mphindi zochepa, popanda mankhwala ogonetsa. Mayi amagona ngati mmene amagonera popimitsa khansa ya khomo la chiberekero. Ena amamva kupotokola pang'ono ngati kwa msambo, mwina n'kuona timadontho ta magazi. Akapuma mphindi 10 kapena 15 akhoza kupita kuntchito. Umuna sungatayike chifukwa choimirira.

Kenako pamabwera sabata ziwiri zodikira. Musapime mimba msanga: jakisoni uja ali ndi homoni yomweyo imene kopimira mimba kamafufuza, ndipo imatha kukhala m'thupi masiku khumi kapena kupitirirako. Mayi akapima pa tsiku lachisanu akhoza kuona mizere iwiri, n'kusangalala, n'kuuza abale, koma ali jakisoni chabe. Dikirani masiku 14. Ndipo mimba ikapezekadi, kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi kapena chizungulire n'zothamangira nazo kuchipatala, chifukwa mimba imatha kukhala m'chubu.

Tsopano ziwerengero, zimene ndikanakonda banja lililonse litazimva lisanayambe. Kwa mayi wosakwana zaka 35, pa amayi 100 oyesa kamodzi, oima amakhala pakati pa 10 ndi 15. Akamayandikira zaka 40 chiwerengerocho chimatsika, ndipo akapitirira 40 chimakhala 5 kapena kucheperapo. Zikumveka zochepa, koma ngakhale banja lachinyamata lopanda vuto mwayi wake pa mwezi umangokhala 20 mpaka 25 pa 100, pamene banja limene lakhala zaka osaima popanda chifukwa chodziwika, mwayi wake pa lokha ndi 2 mpaka 4. Pa kafukufuku wa ku New Zealand wofalitsidwa mu 2018, wa amayi 201 a vuto losadziwika chifukwa chake, 31 pa 100 mwa amene anayesa IUI ndi mankhwala mpaka katatu anabereka mwana wamoyo, poyerekeza ndi 9 pa 100 mwa amene anangodikira. Mukamva chiwerengero kuchipatala, funsani ngati akunena za mimba zopezeka kapena za ana obadwa, chifukwa mimba zina zimapita padera.

Tibwerere kwa mayi wa zaka 31 uja. Tinene kuti mwayi wake ndi 12 pa 100 ulendo uliwonse. Pa amayi 100 onga iye, 12 aima ulendo woyamba, kutsala 88. Ulendo wachiwiri aima 11, wachitatu 9. Pamodzi 32, munthu mmodzi mwa atatu. Ndiye kulephera koyamba si chizindikiro chakuti china chake chalakwika, ndipo powerengera ndalama, ndi ya mayendedwe yomwe, muwerengere maulendo atatu, osati umodzi. Mimba zambiri za IUI zimabwera m'maulendo atatu kapena anayi oyamba. Akakwana amenewo osaima, khalani pansi ndi dokotala mukambirane za IVF kapena zopima zina. Kwa mayi wa zaka 38 kapena kupitirira, kukambirana kumeneko kuchitike msanga, mwina atayesa kamodzi kapena kawiri, chifukwa mazira ake amachepa ndi kufooka chaka ndi chaka.