Zosunga ndi Zotaya mu Mbiri Munthu Akakwezedwa pa Ntchito

Pa msonkhano uliwonse wa m'hotela ku Lilongwe kapena ku Mangochi pamafika nthawi imene mwini mwambo amanyamula kapepala n'kuyamba kuwerenga mbiri ya mlendo amene ati alankhule. Kapepalako nthawi zambiri kamakhala kochokera kwa mlendoyo, ndipo kamakhala kakale. Mzere woyamba wokha ndi umene anaukonza atakwezedwa: pamene panali "wowerengera ndalama" pano pali "mkulu wa zachuma". M'munsi monsemo mukadali za 2014, mukadali maphunziro a masiku atatu amene anakachita kunyanja, mukadali chiganizo chakuti "pakadali pano akuphunzira" za maphunziro amene anamaliza kalekale. Omvera amaomba m'manja mwaulemu, koma sanamve chifukwa chimene munthuyu anapatsidwira udindowo.

Mbiri yachidule imasiyana ndi chikalata chofunsira ntchito. Chikalata chofunsira ntchito chimalola zonse, chaka ndi chaka, chifukwa wochiwerenga akufuna kuona ngati pali mpata umene munthu anangokhala. Mbiri yachidule ili ndi malo ochepa, mwina mawu 50 pa ndondomeko ya msonkhano, mwina 150 mu lipoti la pachaka kapena m'chikalata chopemphera thandizo kwa opereka ndalama. Pa LinkedIn mzere wa pansi pa dzina umalola zilembo 220, ndipo pa X mbiri yonse imathera pa zilembo 160. Choncho chilichonse chatsopano chikalowa, china chiyenera kutuluka.

Ambiri amachotsa poyang'ana chaka: chakale kwambiri chipite, chaposachedwa chitsale. Muyeso umenewu ndi wolakwika, ndipo mbiri za anthu odziwika zimaonetsa zimenezi. Mayi Ngozi Okonjo-Iweala anakhala mkulu wa bungwe la zamalonda la World Trade Organization mu Malichi 2021, koma powafotokoza anthu amatchulabe zimene anachita mu 2005 ali nduna ya zachuma ku Nigeria, pamene anatsogolera zokambirana ndi maiko a Paris Club mpaka ngongole ya madola 18 biliyoni inakhululukidwa. Papita zaka zambiri, koma ntchito yawo ya lero ndi yokhazika pansi maiko osagwirizana, ndipo nkhani ya ngongoleyo ndi umboni wakuti amatha kutero. William Kamkwamba anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014, koma palibe angalembe mbiri yake n'kusiya makina oyendera mphepo amene anapanga kwawo ku Wimbe, ku Kasungu, ali ndi zaka 14. Zonse zimene wachita pambuyo pake zimamveka chifukwa cha makina amenewo.

Funso loyenera kufunsa pa chiganizo chilichonse ndi lakuti: kodi chimenechi chikuthandiza wowerenga kumvetsa chifukwa chake munthuyu ali pa mpando uwu lero?

Tiyerekeze mayi wina, timutche Mayi Uje, amene wagwira ntchito yowerengera ndalama m'bungwe lina lothandiza alimi ku Zomba ndipo tsopano wakwezedwa kukhala mkulu wa zachuma, woyang'anira anthu asanu ndi mmodzi. Mbiri yake yakale ikunena kuti anali mtsogoleri wa ophunzira ku sekondale, anaphunzira ku Polytechnic, anasankhidwa kukhala wantchito wopambana mu 2014, amadziwa Excel, anayendetsa bajeti ya K80 miliyoni mu 2015, anasamutsa malipiro a alangizi a kumidzi kuchoka m'maenvulopu kupita pa foni mu 2016, anachita nawo maphunziro a masiku atatu a za utsogoleri, ndipo akuphunzira ACCA.

Zina n'zosavuta kuchotsa. Utsogoleri wa ku sekondale unali ndi ntchito pamene mayiyu analibe china choonetsa kuti angatsogolere anthu. Lero udindo wake ukunena zimenezo mokwanira. Kudziwa Excel nakonso kwamezedwa ndi udindo, chifukwa palibe amene angaganize kuti mkulu wa zachuma sadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, ndipo kutchula zimenezi kumamutsitsa m'malo momukweza. Maphunziro a masiku atatu akungoonetsa kuti anakhalapo m'chipinda chimene ena ankaphunzitsa.

Mphoto ya 2014 ndi imene imavuta, chifukwa mtima umakana. Mwina satifiketi yake ikadali pakhoma, m'galasi, pafupi ndi chithunzi cha ana. Komabe mphotoyo inali yoyerekeza mayiyu ndi anzake a pa mlingo umene wausiya, ena mwa iwo ndi amene akuwayang'anira tsopano. Wowerenga wakunja sadziwa kuti opikisana anali angati, kapena kuti anapambana pa chiyani. Ngati mphotoyo inabwera chifukwa cha ntchito inayake, monga kutseka mabuku a mwezi pa nthawi yake chaka chonse, ndi bwino kutchula ntchitoyo n'kusiya mphotoyo. Satifiketi ikhoza kukhalabe pakhoma.

Koma nkhani ya 2016 ija, ya malipiro a pa foni, iyenera kutsala ngakhale ndi yakale kuposa maphunziro a kunyanja. Kale wina ankanyamula ndalama m'galimoto kupita nazo kumidzi, alangizi n'kumasaina papepala, ndipo ofufuza mabuku akabwera ankapeza mapepala ena osasainidwa, ena osowa. Mayiyu anaona vutolo, anakopa akuluakulu kuti avomereze njira ina, anaphunzitsa anzake, ndipo kuyambira pamenepo malipiro aliwonse anali ndi umboni wake. Imeneyi ndi ntchito ya mkulu wa zachuma imene anaigwira asanapatsidwe dzinalo. Opereka ndalama akamawerenga mbiri ya woyang'anira chuma cha bungwe amafuna kudziwa chinthu chimodzi, ngati ndalama zawo zidzatetezedwa, ndipo chiganizo chimenechi chikuwayankha.

Bajeti ya K80 miliyoni ili ndi vuto la mtundu wina, limene Amalawi ambiri sazindikira m'mbiri zawo. Ntchitoyo inali yaikulu, koma nambala yake yafota. Mu 2015 dola imodzi sinkafika K700. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mpaka dola imodzi inafika pafupifupi K1,700 ku banki. Munthu wowerenga "K80 miliyoni" lero popanda chaka angaganize kuti inali ntchito yaing'ono. Njira zilipo ziwiri: kulemba chaka pambali pa nambala, kapena kufotokoza kukula kwa ntchitoyo ndi chinthu chimene kwacha siingachifooketse, monga chiwerengero cha maboma kapena cha alimi amene anafikiridwa. Kwa Mayi Uje, amene tsopano akuyang'anira chuma chonse cha bungwe, nambala yakaleyo ingotuluka basi, popeza bajeti ya lero yaiposa.

Dzina la sukulu nalonso limakalamba. Kuyambira 2021 Polytechnic inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala yunivesite payokha, MUBAS, monga momwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwira kukhala KUHeS. Ena amathamangira kulemba kuti anaphunzira ku MUBAS pamene pepala lawo likunena University of Malawi. Zimenezi zimadzetsa mafunso osafunika tsiku limene wina adzafananitse mbiri ndi satifiketi. Cholondola ndi kulemba dzina limene lili pa pepala, n'kuonjezera kuti sukuluyo tsopano ndi MUBAS ngati malo alipo. Ndipo mawu akuti "akuphunzira ACCA" asinthe malinga ndi zoona: ngati anamaliza, anene kuti anamaliza, ngati anasiyira panjira zaka zisanu zapitazo, achotse. N'chimodzimodzi ndi umembala wa mabungwe a akatswiri monga ICAM. Umenewu umatchulidwa pokhapokha ngati ukadali wamoyo, chifukwa n'zosavuta kuti wina afunse ku bungwelo.

Zikatero mbiri ya mayiyu ingamveke chonchi: "Mayi Uje ndi mkulu wa zachuma m'bungwe lathu, ndipo amatsogolera gulu la anthu asanu ndi mmodzi loyang'anira bajeti, malipiro ndi malipoti opita kwa opereka thandizo. Asanakwezedwe anali wowerengera ndalama, ndipo mu 2016 anatsogolera ntchito yosamutsira malipiro a alangizi pa foni, zimene zinathetsa kuyenda ndi ndalama kumidzi. Anaphunzira ku Polytechnic ya University of Malawi ndipo anamaliza ACCA." Ziganizo ndi zitatu, ndipo mwini mwambo angaziwerenge osapuma pakati kuti apeze pamene wasochera.

Taonani mawu akuti "anatsogolera". Munthu akakwera, chiyeso chimabwera chosandutsa ntchito ya gulu kukhala yake yekha. Anzake amene anagona mochedwa akulowetsa manambala a foni a alangizi adzawerenga mbiriyo, ndipo tsopano iye ndi bwana wawo. Ngati anatsogoleradi, alembe choncho. Ngati anali mmodzi mwa anthu anayi, alembe kuti anali m'gulu limene linachita zimenezo. Mbiri yonena zoona pa mfundo imeneyi imamusungira ulemu mu ofesi, kumene aliyense akudziwa amene anachita chiyani.

Palinso nthawi yoyenera kusintha. Bwana akanena pakamwa kuti zatheka, si nthawi yake. Munthu adikire kalata, aone tsiku limene udindo ukuyamba, ndiponso dzina lenileni la udindowo monga lalembedwera. Amene akungogwirizira mpando alembe kuti ndi wogwirizira, ngakhale patapita chaka, chifukwa m'boma ndi m'mabungwe ambiri mpandowo umatha kulengezedwa n'kupatsidwa munthu wina. Komanso mbiri isalonjeze zimene munthu sanachite pa udindo watsopanowo. Pa miyezi yoyamba ingonena zimene akuyang'anira, ndipo zakale zosankhidwa bwino zija ndi zimene zimanyamula umboni mpaka ntchito yatsopano itabala zake.

Chotsala ndi kusaka makope akale, ntchito imene ambiri amaiwala. Mbiri imodzi imakhala m'malo angapo: kwa mlembi wa bungwe, kwa a zofalitsa nkhani, m'chikalata chimene amangochikopera nthawi iliyonse akamapempha thandizo, pansi pa makalata a imelo, pa LinkedIn, ngakhale kwa mlembi wa komiti ya ku tchalitchi kapena ya sukulu imene munthu ali membala. Okonza msonkhano akasowa mbiri amatenga imene aipeza msanga. Njira yothandiza ndi kusunga chikalata chimodzi chokhala ndi mbiri ziwiri, ya mawu 50 ndi ya mawu 150, tsiku loikonza litalembedwa pamwamba, n'kutumiza kwa onsewa ndi pempho lakuti afufute yakale. Zimene zachotsedwa zisungidwe pansi pa chikalata chomwecho, chifukwa tsiku limene Mayi Uje adzaitanidwe kukalankhula kwa atsikana a ku sekondale imene anaphunzira, utsogoleri wake wa pasukulupo udzafunika kubwereranso m'mbiri ya tsiku limenelo.