Zololedwa ndi zoletsedwa m'chipinda cha mayeso

Pa mayeso a boma monga a MSCE, omwe bungwe la MANEB limayendetsa, oyang'anira amasecha ophunzira pakhomo asanalowe. Zololedwa ndi zochepa: chitupa chamayeso, zolembera, pensulo, chofufutira, rula ndi zida zojambulira pa masamu. Mabuku, makope ndi tizipepala tolembalemba, tomwe ambiri amati likasa, zimatsala panja. Rula ngakhalenso chikhatho cholembedwa manotsi amachiona ngati likasa lomwelo.

Kakyuleta imaloledwa pa maphunziro ofuna kuwerengera, monga masamu, koma iyenera kukhala yosasunga mawu ndiponso yosalumikizana ndi makina ena. Oyang'anira amayang'ana mkati mwa chivundikiro chake, chifukwa ena amabisamo tizipepala kapena kulembamo ndi pensulo. Kubwerekana kakyuleta mayeso ali mkati n'koletsedwa, choncho wophunzira ayenera kuyesa batire yake usiku woti mawa alemba.

Foni ndiyo yoletsedwa kotheratu. Mlandu wake ndi kupezeka nayo, ngakhale ili yozimitsa. Wophunzira amene wayiiwala m'thumba, n'kulira mayeso atayamba, amaonedwa ngati wobera, ndipo zotsatira zake zikhoza kufafanizidwa. Wozindikira kuti ali nayo ayenera kuipereka kwa oyang'anira mapepala asanagawidwe.

Wotchi yamakono yolandira mauthenga imagwera m'gulu la foni. Popeza n'kovuta kuisiyanitsa ndi wotchi wamba, mabungwe ena, monga JCQ ku Britain kuyambira 2021, amaletsa wotchi iliyonse yapamkono. Kumeneko olemba amadalira wotchi yapakhoma ndi nthawi imene oyang'anira amalengeza.